Kamoto ka Kalulu: kakambidwe ka nthano yogonetsa ana

Nthano ya pabwalo ndi nthano ya pogona zimagwiritsa ntchito zida zofanana, kusintha mawu, kubwereza ndi nyimbo yovomerezana, koma sizipita kumodzi. Pabwalo wokamba amafuna ana aseke, aombe m'manja, ena adzuke avine. Pogona tikufuna mwana amene wayamba ndi kukuwa kuti "Tili tonse!" amalize akunong'ona, kapena asayankhe n'komwe chifukwa tulo tamutenga. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amakamba bwino kwambiri, ana n'kusangalala, nthano ikutha onse ali maso gwa, akupempha ina. Wokamba wotere sanalakwitse mawu a Fisi kapena a Njovu, walakwitsa kuyika phokoso lalikulu kumapeto.

Nthano ili m'munsiyi yakonzedwera ana a zaka 3 mpaka 7, ndipo ikakambidwa mosathamanga imatenga mphindi 10 kapena 12. Phokoso lake limakwera pang'onopang'ono mpaka pamene Njovu yatulukira, kenaka limatsika osakweranso.

Musanatsegule pakamwa

Zonse zimene zingadzutse mwana pakati pa nthano zithe kaye: wadya, wapita kukataya madzi, wavala zogonera, neti ya udzudzu yatsitsidwa ndi kupisiridwa kunsi kwa mphasa kapena matilesi. Mwana amene mwamugonetsa ndi nthano kenaka n'kumunyamula kupita naye kwina amadzuka, ndipo ntchito yonse imayambiranso. Choncho kambirani pamalo pamene agonepo.

Zilapi zichitike kunja, nthano isanayambe. "Chilapi!" "Nachize!" ndi masewera a mpikisano, aliyense amafuna kupambana, ndipo mwana amene walephera amalowa m'bulangete ali wokwiya. Foni ikhale kutali, wailesi izimitsidwe. Malaiti akapita, usiku umenewo ndi wabwino koposa pa nthano, kandulo imodzi kapena tochi yoloza kudenga ndi yokwanira, bola nkhope yanu izioneka pang'ono, chifukwa ana aang'ono amamva mawu a chilombo mopanda mantha ngati akuona kuti pakamwa potuluka mawuwo ndi pa amayi awo kapena agogo awo.

Nthano iyi ndi ya moto ndipo imakoma mu Juni ndi Julayi, pamene ku Chipata kumazizira zedi m'mawa ndi usiku. Miyezi yomweyo ndi imene anthu amalowetsa mbaula m'nyumba. Mbaula ituluke ana asanagone. Malasha oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Moto wa usiku uno ukhale wa m'nthano basi.

Aphunzitseni mbali yawo

Ana ali ndi ntchito zitatu m'nthano iyi, ndipo azidziwe musanayambe. Yoyamba ndi kuvomera "Tili tonse" mukaima. Kwa amene anakulira kumene amatsegula ndi "Padangotero", "Panangokhala" kapena "Panali panali", gwiritsani ntchito chimene agogo anu ankanena, ndipo ngati panyumba pamalankhulidwa Chinsenga cha ku Petauke kapena Chitumbuka cha ku Lundazi, mavomeredwe akwanu ndi amene ali oyenera. Chofunika n'chakuti akhale amodzimodzi usiku uliwonse.

Yachiwiri ndi kuyankha funso limene nyama iliyonse imafunsa Kalulu. Yankho lake ndi lakuti "Khala limodzi la Agogo Fulu." Yachitatu ndi kuvomera nyimbo. Mzere wawo ndi umodzi wokha:

Wokamba: Kamoto kanga, kamoto
Ana: Yaka pang'onopang'ono
Wokamba: Ndakapala kwa agogo
Ana: Yaka pang'onopang'ono
Wokamba: Mphepo iwe, pita uko
Ana: Yaka pang'onopang'ono

Maimbidwe pekani nokha, koma tsatani zinthu ziwiri. Mzere wanu uthere m'mwamba, ngati funso, mzere wa ana utsike, ngati munthu akukhala pansi. Ndipo musaombe m'manja. Kuomba m'manja kumadzutsa thupi lonse. M'malo mwake sisitani kapena gundani pang'ono pamsana pa wamng'ono kwambiri motsata nyimbo, kugunda kumodzi pa kupuma kumodzi. Yeserani nyimboyi kawiri musanayambe nthano, osapitirira apo.

Mawu asanu, ndi kumene aliwonse amachokera

Munthu wosazolowera amayesa kusintha mawu ndi kukhosi kokha, ndipo pofika pakati pa nthano kukhosi kumayabwa, amatsokomola, Fisi n'kuyamba kulankhula ngati Njovu. Njira yosavuta ndi kupatsa nyama iliyonse malo ake pathupi ndi liwiro lake. Mukaiwala mawu, mumangokumbukira malowo, mawu amabwera okha.

Kalulu amalankhulira kutsogolo kwa kamwa, pafupi ndi mano, mofulumira, milomo ili ngati mukumwetulira. Musamukweze kwambiri mpaka kulira ngati wezulo, chifukwa ndi amene amalankhula nthawi zambiri ndipo mudzatopa. Agogo Fulu amalankhula milomo itaphimba mano ngati nkhalamba yopanda mano, ndipo amapuma pakati pa mawu awiri kapena atatu aliwonse. Fisi amalankhulira m'mphuno, mutu utapendekera mbali imodzi, ndipo amamaliza ndi kaphwete kakang'ono, "hi hi". Mvuu imalankhula masaya atatupa, ngati m'kamwa muli madzi. Njovu imachokera pachifuwa: tsitsani chibwano, ikani dzanja pachifuwa, mukamva kunjenjemera ndiye kuti mwapeza. Njovu siikuwa. Ukulu wake uli m'kuchedwa kwa mawu, osati m'kukwera kwake, ndipo amene amakuwa pa Njovu ndi amene amaliritsa ana a zaka zitatu.

Mawu achisanu ndi chimodzi ndi anu enieni, a wokamba, ndipo ndi amene amagonetsa. Akhale apansi ndi ofewa kuyambira pachiyambi, kuti nyama ikamaliza kulankhula mwana azibwerera kwa inu.

Nthano yake

Mawu a m'mabulaketi ndi malangizo a wokamba, sanenedwa. Pamene palembedwa "Ana", imani ndi kudikira. Musawavomerere.

Wokamba: Padangotero.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Panali Kalulu.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Ankakhala kutsidya kwa Lutembwe, m'kanyumba kaudzu.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Unali mwezi wa chisanu, mphepo ikuwomba, fiii, fiii.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Kalulu anachedwa kosewera. Pobwera anapeza moto wake wazima, phulusa lokhalokha, lozizira.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Anatola phale, nati, (mawu a Kalulu) "Ndikapale moto kwa Agogo Fulu, ndingafe ndi chisanu ine."
Ana: Tili tonse.

Pachiyambi pano imani pa chiganizo chilichonse. Kuvomera pafupipafupi kumasonkhanitsa ana, ndipo amene anali kukangana za bulangete amaiwala.

Wokamba: Anathamanga, thapu thapu thapu, anadumpha pamiyala ya mtsinje, mpaka pakhomo pa agogo. (Kalulu) "Odi, odi agogo!"
Ana: Tili tonse.
Wokamba: (Fulu, pang'onopang'ono) "Lowa, mdzukulu wanga. Usiku uno, kwagwanji?" (Kalulu) "Moto wanga wazima, agogo. Ndipatseniko." Agogo Fulu anafukula phulusa ndi kamtengo, napeza khala limodzi, lofiira psuu.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: (Fulu) "Khala ndi limodzi. Usathamange nalo. Usaliuzire mwamphamvu. Likafuna kuzima, uliimbire." Ndipo anamuphunzitsa nyimbo.

(Imbani koyamba, ndi mawu a Fulu, mochedwa.)

Wokamba: Kalulu anagwira phale ndi manja awiri, nayamba ulendo, nyang'anyang'a, nyang'anyang'a.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Atafika pa mtengo wa msuku anamva, tsimphu, tsimphu, tsimphu. Kodi ndani ameneyo?

(Dikirani ana atchule. Akatchula nyama ina, nenani "Iyayi, mvetserani bwino," bwerezani mayendedwewo kamodzi, kenaka pitirizani.)

Wokamba: (Fisi) "Kalulu, Kalulu, wanyamula chiyani m'phalemo, hi hi?"
Ana: Khala limodzi la Agogo Fulu.
Wokamba: (Fisi) "Ndigawireko, ndikuzizidwa." (Kalulu) "Khala limodzi siligawika, a Fisi. Nditsateni tikaothe pamodzi, koma muzuleko udzu wouma." A Fisi anazula udzu, nagwa m'mbuyo mwa Kalulu. Mphepo inati fiii, khala linayamba kuda.

(Imbani kachiwiri, ndi mawu a Kalulu.)

Wokamba: Khala linafiiranso psuu. Anayenda, nyang'anyang'a, tsimphu, nyang'anyang'a, tsimphu, mpaka pamtsinje.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Miyala ija sinkaonekanso, mdima. M'madzi munamveka chubwi, chubwi, chubwi. Kodi ndani ameneyo? (Mvuu) "Kalulu, Kalulu, wanyamula chiyani m'phalemo?"
Ana: Khala limodzi la Agogo Fulu.
Wokamba: (Mvuu) "Ndigawireko, ndikuzizidwa." (Kalulu) "Khala limodzi siligawika, amayi. Nditsateni tikaothe pamodzi, koma mutiwolotseko." Amayi Mvuu anawabereka kumsana, Kalulu atakweza phale m'mwamba. Kadontho ka madzi kanagwera pakhala, tswii, khala linayamba kuda.

(Imbani kachitatu. Apa ana aimbe momasuka, ndi pamene nyimbo imamveka kwambiri.)

Wokamba: Khala linafiiranso psuu. Anayenda, nyang'anyang'a, tsimphu, chubwi, nyang'anyang'a, tsimphu, chubwi, mpaka padambo.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Pansi panayamba kumveka di, di, di. Kodi ndani ameneyo? (Njovu, kuchokera pachifuwa) "Kalulu, Kalulu, wanyamula chiyani m'phalemo?"
Ana: Khala limodzi la Agogo Fulu.
Wokamba: (Njovu) "Ndigawireko, ndikuzizidwa." (Kalulu) "Khala limodzi siligawika, amfumu. Nditsateni tikaothe pamodzi, koma muthyoleko nkhuni." Amfumu anathyola nkhuni, nasuzumira m'phale. (Njovu) "Kamoto kakang'ono chonchi? Ima ndikauzire." (Kalulu) "Iyayi amfumu, agogo anati..." Koma chitamba chinali chitakwera kale. Fuuuuu!

(Khalani chete. Werengani mumtima mpaka zisanu. Kuyambira pano mawu anu asakwerenso.)

Wokamba: Phale linali bii. Palibe chofiira. A Fisi chete. Amayi Mvuu chete. Amfumu anagwetsa makutu.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: (Kalulu, monong'ona) "Agogo anati likafuna kuzima tiliimbire. Koma tiimbe motsitsa, tingaliwopseze." Tiyeni timuthandize Kalulu, monong'ona.

(Imbani kachinayi, monong'ona.)

Wokamba: Pansi pa phulusa panaoneka kadiso kakang'ono, kofiira. Kanaphethira. Kanakula. Khala linafiiranso psuu.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Anayenda onse mosamala mpaka kwa Kalulu. A Fisi anayala udzu. Kalulu anaika khala. Amfumu anasanja nkhuni, imodzi, imodzi, imodzi. Moto unayaka pang'onopang'ono, ndipo kanyumba kanafunda.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: A Fisi anayasamula (yasamulani), napinda miyendo, nagona. Amayi Mvuu anayasamula, natsamiritsa mutu, nagona. Amfumu anayasamula, nakulunga chitamba, nagona, mutu m'nyumba, thupi panja.
Ana: Tili tonse.
Wokamba: Kalulu anakwirira makala ndi phulusa kuti mawa apeze moto. Nayenso anayasamula, nagwetsa khutu limodzi, nagwetsa linalo, nagona.

(Imbani kachisanu, nokha, mwina mong'ung'udza osatchula mawu. Amene akadali maso avomera okha.)

Wokamba: Nthano yathera pamenepo.

Chifukwa chake yakonzedwa chonchi

Nyama zokumana ndi Kalulu ndi zitatu, ndipo zikukula motsatana. Ziwiri sizikwanira, chifukwa mwana amagwira dongosolo la nthano pa nyama yachiwiri, ndipo amafunika yachitatu kuti asangalale ndi kudziwa zimene zikubwera. Zikafika zisanu, wa zaka 7 amatopa n'kuyamba kutsina mng'ono wake. Ngati ana ndi aang'ono okhaokha, a zaka 3 ndi 4, chotsani Mvuu, nthano itsike kufika mphindi 7, koma Njovu isachoke chifukwa ndi imene imabweretsa kachetechete uja.

Mawu a funso, a pempho ndi a yankho la Kalulu asasinthe ngakhale liwu limodzi. Akuluakulu timanyong'onyeka ndi kubwereza ndipo timafuna kukometsera, lero "wanyamula chiyani", mawa "watenga chiyani". Mwana amaona ngati mwamunamiza, amadzuka n'kukhala tsonga kuti akukonzeni, ndipo tulo tija tabalalika. Zimene zimasintha pa nyama iliyonse ndi zitatu zokha: mayendedwe ake, mawu ake, ndi ntchito imene Kalulu waipatsa. Mayendedwe akuunjikana, nyang'anyang'a, tsimphu, chubwi, ndipo ana amakonda kuwanena limodzi nanu. Aloleni, koma atabwera amfumu musawabwerezenso, chifukwa "di, di, di" imachititsa ana kumenya miyendo pamphasa.

Kachetechete wotsata "Fuuuuu" ndiye msana wa nthano yonse. Wokamba wosazolowera amaopa bata, amangowerenga mpaka ziwiri n'kupitiriza. Pirirani mpaka zisanu. M'kanthawi kameneko ana amagwira mpweya, ndipo mukayambiranso motsitsa amakutsatani okha popanda kuwauza kuti "khalani chete". Onaninso kuti chifukwa chonong'onera chili m'nthano momwe: khala lingazime. Mwana amene mungamuuze kakhumi kuti atsitse mawu osamvera amanong'ona mofunitsitsa pofuna kupulumutsa moto wa Kalulu.

Kuyasamula kuchitidwe kwenikweni, pakamwa yasa, kanayi konse. Kuyasamula kumapatsirana, ndipo kawirikawiri pofika pa Mvuu wina mwa ana amakhala atayasamula kale.

"Tili tonse" akuuzeni pamene ana afika

Mavomeredwe a ana ndi muyeso wanu, ndipo mukamawamvetsera simufunika kuyatsa tochi kumaso kwa mwana kuti muone ngati wagona. Pachiyambi amavomera msanga, mokweza, nthawi zina musanamalize n'komwe chiganizo. Pakati amavomera pamodzi, mofanana. Tulo tikayandikira yankho limachedwa, limatuluka lotafunidwa, "…tonse", ndipo mawu amodzi amasowa. N'chifukwa chake m'gawo lomaliza malo oima atalikirana: pachiyambi chiganizo chilichonse, pakati ziganizo zitatu kapena zinayi, kumapeto ndime yathunthu.

Mukaima ndipo palibe wavomera, musafunse kuti "Mwagona kodi?" Funso limenelo limadzutsa mwana amene anali pakhomo pa tulo. Dikirani kupuma kumodzi, pitirizani motsitsa, ndipo malizani nthano ngakhale mukuganiza kuti onse agona. Kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa, chifukwa khutu la mwana limamva kuti mawu aleka. Mukamaliza khalani pomwepo mphindi ziwiri kapena zitatu dzanja lili pamsana, kenaka lichotseni pang'onopang'ono.

Kwina nthano imatsekedwa ndi "Kaphuleni mbatata," ana n'kuyankha kuti yapserera. Kutseka kumeneko n'kokoma pabwalo, koma pogona kusiyeni, chifukwa kumafuna yankho lokweza ndi kuseka pa nthawi imene mwavutikira kuti pakhale bata.

Zikasokonekera

Taganizirani nyumba ya ku Kapata, m'tauni ya Chipata, mmene muli ana atatu pamphasa imodzi: wa zaka 3, wa zaka 5 ndi wa zaka 9 amene akudziona kuti wakula. Mavuto a nyumba yotere amadziwika.

Wamng'ono amaopa Fisi. Mudzadziwa chifukwa amasiya kuvomera pamene anzake akuvomerabe, amakukakamirani, kapena amafunsa kuti "Ali kuti?" akuyang'ana kuchitseko. Musanene kuti "Usaope, n'zabodza," chifukwa mukatero mwathyola nthano kwa onse. Muchepetseni Fisiyo m'nthano momwemo: anjenjemere ndi chisanu mano akugundana, ayetsemule, alankhule mopempha. Fisi wozizidwa ndi womvetsa chisoni, saopsa. Kulira kwake kwenikweni kwa usiku, "huuwi", kusamveke m'nthano ya pogona, makamaka kumidzi ya kufupi ndi Luangwa kumene ana amakumva ndi makutu awo. Pa chifukwa chomwecho kadzidzi, mfiti ndi zilombo zodya ana zisalowe. Ndipo nyama za m'nthano zisasanduke chikwapu, zakuti "ukapanda kugona a Fisi abwera". Mwana amene wamva zimenezo sadzaimbanso nyimbo ya Kalulu mtima uli m'malo.

Wa zaka 5 ndi wa mafunso. "Nanga Njovu inakwana bwanji m'nyumba ya Kalulu?" Funso lotere ndi umboni wakuti akumvetsera, ndiye musamukalipire, komanso musatsegule bwalo la milandu. Yankhani ndi chiganizo chimodzi m'mawu a wokamba, "Inalowetsa mutu wokha," n'kupitiriza nthawi yomweyo. Likakhala funso lalitali, nenani "Limenelo tikafunsa Agogo Fulu mawa," ndipo mawa masana mulikumbukiredi, chifukwa iye saiwala.

Wa zaka 9 amavomera mopotoza dala, kapena amaulula kuti Njovu izimitsa moto. Ameneyu mupatseni udindo nthano isanayambe. Akhale woyambitsa "Tili tonse", ndipo mumunong'oneze kuti ntchito yake ndi kutsitsa mawu pang'onopang'ono kuti ang'ono ake amutsate. Kapena akhale mphepo, azichita "fiii" pamalo ake awiri. Mawu a Njovu musamupatse usiku, adzakuwa.

Vuto lina limachokera kwa wokamba mwini. Ana akaseka pa mawu a Mvuu, mtima umafuna kubwereza kuti asekenso, ndipo nthano imasanduka sewero. Kuseka kumodzi pa nyama iliyonse n'kokwanira. Mukaona kuti ana adzuka akhala tsonga, akudumpha, musadule nthano ndi ukali. Talikitsani ulendo: nenani "nyang'anyang'a, nyang'anyang'a" kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, liwu lililonse lochedwa kuposa linzake, mpaka matupi akhazikike, kenaka tulutsani nyama yotsatira.

Kukhosi kukayamba kukanda, ndiye kuti mukufinya mawu a Fisi kapena a Njovu pammero. Bwezerani Fisi m'mphuno ndi Njovu pachifuwa, ndipo kapu ya madzi ikhale pafupi. Tsiku limene mwatopa kwambiri kapena muli ndi chimfine, siyani kusintha mawu, musinthe liwiro lokha: Kalulu wofulumira, Fulu ndi Njovu ochedwa. Ana amazindikirabe amene akulankhula chifukwa mayendedwe ake amutchula kale.

Mwana akati "Inanso!", mgwirizano ukhale utapangidwa kale musanayambe: nthano imodzi, nyimbo kasanu, basi. Amene akadali maso muimbireni nyimbo yomweyo mong'ung'udza, osayamba nthano yatsopano, chifukwa nthano yatsopano imafuna kuti mutu udzuke kuti uitsate.

Masiku otsatira

Musawerenge papepala kapena pafoni pokamba. Kuwala kwa foni kumakoka maso a ana, ndipo mawu owerenga amauma. Lowezani zinthu zinayi zokha: nyimbo, funso ndi yankho lake, mndandanda wa nyama ndi ntchito zawo (Fisi udzu, Mvuu kuwolotsa, Njovu nkhuni), ndi malo a kachetechete. Zina zonse nenani m'mawu anu. Yeserani kamodzi masana muli nokha, mukutsuka mbale kapena mukupalira, mokweza ndithu, kuti pakamwa pazolowere kuchoka pa Kalulu kupita pa Fisi popanda kupunthwa. Pamene pamavuta kwambiri ndi pokambirana Kalulu ndi Njovu, chifukwa mukudumpha kuchoka pa mawu apamwamba kufika pa apansi. Pumani kamodzi pakati pawo, ndipo tembenuzani nkhope, Kalulu akuyang'ana m'mwamba, Njovu ikuyang'ana pansi.

Kambani nthano yomweyi mosasintha kwa sabata yathunthu. Usiku woyamba ana amakhala akuphunzira, ndiye sagona msanga, ndipo musaweruze nthano ndi usiku umenewo. Pofika wachitatu kapena wachinayi amadziwa malo awo, ndipo nyimbo yokha imayamba kuwauza kuti nthawi yogona yakwana. Sabata ikatha sinthani chinthu chimodzi pa usiku umodzi. Mtsinje ukhale wakwanu, wa ku Katete, ku Chadiza kapena ku Mambwe, umene ana amaudziwa dzina. M'malo mwa Fisi mulowe Nungu, mayendedwe ake tswaa, tswaa, ntchito yake kukanda pansi pokolezera moto. Dzinja likafika, mdani wa khala asakhale mphepo koma madontho a mvula, ndipo mzere wachitatu wa wokamba ukhale "Mvula iwe, pita uko." Pogoneka nyama kumapeto mungawonjezere ana eni ake, kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, aliyense ndi dzina lake, "anayasamula, nafunda bulangete, nagona." Mutchule onse amene ali pamphasa, ngakhale wa alendo amene wangogona usiku umodzi, chifukwa wosiyidwa amadzuka kudzafunsa chifukwa chake.

Mzere wa ana, "Yaka pang'onopang'ono", ndi yankho la "Khala limodzi la Agogo Fulu" zisiyeni momwe zilili ngakhale zina zonse zitasintha. Wamkulu uja akaidziwa bwino, mulekeni aikambe kwa ang'ono ake madzulo ena inu muli pafupi mukuvomera nawo, ndipo mumukumbutse chinthu chimodzi chokha asanayambe: akafika pa "Fuuuuu" awerenge mpaka zisanu.